Kusanja katundu m'hokala kuti wogula aone zoyenda malonda

Funso: Ndili ndi hokala yaing'ono ku Chirimba mumzinda wa Blantyre, ndipo ndatumiza chithunzi cha shelefu yanga ya matabwa anayi. Anthu amandifunsa kuti "shuga muli naye?" pomwe shugayo alipo, komanso m'mawa ndimachedwetsa makasitomala chifukwa chofufuza zinthu. Zimene zimayenda kwambiri ndi shuga, mafuta ophikira oyeza, buledi, sopo, mazira, soya pisi ndi makamba a ana. Ndisanje bwanji kuti katundu woyendayu azioneka komanso azifikirika msanga?

Yankho: Mayi, chithunzichi mwachijambula muli mkati, mutaima chapafupi ndi chitseko cham'mbali, choncho chikuonetsa shelefu monga mmene inuyo mumaionera tsiku ndi tsiku. Wogula saima pamenepo. Iye amaima panja, padzuwa, n'kumasuzumira pazenera, ndipo zimene amaona n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zili pachithunzichi. Komabe chatithandiza kudziwa pamene chinthu chilichonse chili. Pathabwa lapamwamba, pafupi ndi malata, ndikuonapo mabotolo a Sobo, majarini ndi makandulo. Pathabwa lotsatira pali mafuta odzola, polishi wa nsapato, mabatire ndi mankhwala otsukira mano. Pansi pake pali sopo wosambira atagundana ndi masamba a tiyi ndi timapaketi ta mkaka wa ufa. Pathabwa lotsiriza, lapansi penipeni, ndi pamene pali shuga, akadali m'belo lake, pamodzi ndi katoni ya soya pisi, pomwe chigubu cha mafuta chili pasimenti. Pakauntala pali mabotolo akuluakulu atatu a maswiti, ndipo pamwamba pa zenera palendewera mizere ya makamba ndi ya sopo wa ufa.

M'sitolo yaikulu, kumene munthu amalowa n'kudzitengera yekha katundu, diso ndi dzanja ndi za munthu mmodzi. M'hokala si choncho, chifukwa diso ndi la wogula amene ali panja, koma dzanja lotenga katundu ndi lanu. Pa chinthu chilichonse muyenera kufunsa mafunso awiri osiyana, loyamba ngati munthu wa panja akuchiona, lachiwiri ngati inuyo mungachitenge osawerama, osakwera pampando komanso osasuntha china. Mmene mwasanjiramu, malo amene amayankha bwino mafunso onse awiri mwawapereka kwa polishi ndi mabatire, pamene shuga amene akufunidwa m'mawa uliwonse wakhala pamalo osaoneka ndi opweteketsa msana.

Musanasunthe kanthu, jambulani zithunzi zina zitatu muli panja. Choyamba mujambule mutaima pamene wogula amaima, foni mutaigwira molingana ndi maso anu. Chachiwiri mujambule pamalo omwewo koma mutatsitsa foni kufika pachifuwa, chifukwa pamenepo ndi pamene pamafika maso a mwana wotumidwa, ndipo m'makwalala athu ana otumidwa ndi gawo lalikulu la ogula. Chachitatu mujambule mutaima m'njira, pafupifupi mamita atatu kuchokera pazenera, mbali imene anthu ambiri amatulukira. Pojambula zithunzi zonsezi, pakhale munthu ataima mkati pamalo amene inuyo mumaima pogulitsa, popeza thupi la wogulitsa nalonso limabisa katundu, ndipo musayatse kuwala kwa foni kuti mdima wa mkati uoneke monga ulili.

Zimene mudzaone tingazidziwiretu powerengera. Potengera kutalika kwa mabotolo a pachithunzi, ndikuyerekeza kuti matabwa anu ali pa masentimita 45, 85, 125 ndi 165 kuchokera pansi, kauntala ili pa mita imodzi, ndipo shelefu yatalikirana ndi zenera masentimita 120. Mutsimikize ndi tepi, ngakhale ya telala, chifukwa chithunzi chimanamiza pa miyezo. Tsopano titenge munthu wamkulu amene maso ake ali pa masentimita 150. Mabotolo a maswiti aja ndi otalika pafupifupi masentimita 30, choncho nsonga zake zili pa masentimita 130. Munthuyo akayang'ana modutsa pamwamba pa mabotolowo, diso lake limakafika pashelefu pa msinkhu wa pafupifupi mita imodzi, ndipo chilichonse chimene chili m'munsi mwa pamenepo sachiona. Thabwa la shuga lonse labisika, komanso mbali ya m'munsi ya katundu wa pathabwa la sopo. Kwa mwana amene maso ake ali pa masentimita 115 zinthu n'zoipirapo, chifukwa nsonga za mabotolo zili pamwamba pa maso ake, ndipo kuseri kwake amangoona thabwa lapamwamba lokha, limenenso latchingidwa ndi mizere ya makamba. Mukangochotsa mabotolowo pakati pa kauntala, wamkulu amaona matabwa onse anayi, ndipo mwana amaona atatu apamwamba. Kusintha kumeneku sikufuna ndalama iliyonse, ndipo pa zonse zimene ndinene, ndi kumene kudzathetse msanga funso loti shuga alipo kapena ayi.

M'lifupi namo muli phunziro. Ngati zenera lanu ndi lotambalala masentimita 60, munthu amene wafika pafupi amaona shelefu yonse, koma amene ali m'njira pa mamita atatu amaona kachigawo ka masentimita pafupifupi 85 basi, ndipo inuyo mukaima pakati mwatchinga theka la kachigawoko. Komanso munthu wotulukira kumanzere kwa hokala amayamba kuona mbali ya kumanja ya shelefu, chifukwa diso lake limalowa pazenera mopingasa. Choncho onani mbali imene anthu ambiri amachokera, kaya ndi ku siteji ya minibasi, kuchigayo kapena kumpopi wa madzi, ndipo katundu amene mukufuna kuti aitane anthu akhale kumbali yopingasana nayo. Inuyo ndi kabokosi ka ndalama mukhale kumbali inayo.

Chimene chithunzi sichingatiuze ndi kuchuluka kwa malonda a chinthu chilichonse. Mndandanda wanu ndikuukhulupirira, koma mutu wa wogulitsa umakumbukira kwambiri zinthu za ndalama zambiri n'kuiwala tinthu timene timatuluka kambirimbiri, monga machesi ndi mchere. Tengani kope, mulembe maina a katundu kumanzere kwa tsamba, ndipo nthawi iliyonse imene mwagulitsa chinthu muikepo kamzere kamodzi. Muwerenge maulendo amene dzanja lanu lapita pachinthucho, osati ndalama zake, popeza shelefu tikuisanja chifukwa cha diso ndi dzanja. Muchite zimenezi kwa milungu iwiri, umodzi wa pakati pa mwezi ndi wina wa kumapeto, chifukwa anthu akalandira amagula paketi yathunthu ya shuga ndi botolo la mafuta, pamene pakati pa mwezi amabwerera ku zoyeza. Pansi pa tsambalo musiye malo olembapo chinthu chilichonse chimene munthu wafunsa ngati chilipo pomwe chilipo.

Tiyerekeze kuti kopelo lasonyeza mafuta oyeza maulendo 310, shuga 240, buledi ndi mabanzi 220, makamba 200, sopo wochapira 130, mazira 110, soya pisi 90, mafuta odzola 9 ndi polishi 4. Manambala anu adzakhala ena, koma kusiyana kotere n'kumene kumaoneka kawirikawiri. Tanthauzo lake n'lakuti m'milungu iwiri mwawerama maulendo oposa 600 kutenga mafuta, shuga ndi soya pisi, pamene thabwa limene simuwerama nalo mwalifikira kangapo chabe. Apa ndi pamene pakuchokera mzere wa m'mawa uja.

Katundu woyenda ali m'magulu awiri, ndipo sindingakulangizeni kuti muwapatse malo mofanana. Gulu loyamba ndi la zinthu zimene munthu amachoka kunyumba atazitchula kale, monga shuga, mafuta, mchere ndi machesi. Zimenezi sizifuna malo aakulu, zimangofuna kuoneka mokwanira kuti munthu wodutsa adziwe kuti zilipo, kenako zikhale pafupi ndi dzanja lanu. Kumbukirani kuti pa anthu amene sakuona shuga, si onse amene amafunsa, ena amangopitirira kwa mnzanu wa patsogolo ndipo inu simudziwa kuti mwataya malonda. Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene munthu amakumbukira akaziona, monga masamba a tiyi, mkaka, mabisiketi, soya pisi ndi makamba. Zimenezi zikabisika sizifunsidwa n'komwe, ndipo nthawi zambiri phindu lake pa chinthu chimodzi limaposa la shuga, amene mtengo wake aliyense amaudziwa ndipo simungaonjezepo zambiri. Njira yabwino ndi kuika zinthu za gulu lachiwiri moyandikana ndi za gulu loyamba zimene zimagwiritsidwa ntchito pamodzi, kuti diso limene labwera kudzafuna shuga ligwerenso pa tiyi ndi mkaka.

Thabwa la pa masentimita 125 ndilo lamtengo wapatali, chifukwa katundu wake amalingana ndi maso a munthu wamkulu ndipo inu mumamufikira mutaima chilili. Likhale la chakudya cha m'mawa. Ngati thabwalo ndi lotalika pafupifupi mita ndi theka, tulutsani shuga m'belo ndipo muimike mapaketi anayi a kilogalamu imodzi motsatana, zolemba zake zitayang'ana kuzenera, ndi mizere ina iwiri kumbuyo kwake. Amenewa atenga pafupifupi theka la mita. Pambali pake pakhale kabeseni ka shuga woyeza amene mwamanga kale, kenako masamba a tiyi, timapaketi ta mkaka, majarini ndi mabisiketi. Belo la shuga limakhala ndi mapaketi 20, ndipo asanu ndi atatu otsalawo akhale m'munsi ngati nkhokwe yodzazira. Mapaketi 12 ndi makilogalamu 12 pamalo amodzi, choncho yang'anani ngati thabwalo likupindika, ndipo likatero mulichirikize ndi kamtengo pakati kapena musunthire shugayo pafupi ndi pamene thabwa lakhomedwa.

Thabwa la pa masentimita 85 likhale la zophikira za masana ndi madzulo. Soya pisi atuluke m'katoni n'kuimikidwa mapaketi atatu kapena anayi kutsogolo, chifukwa katoni yotseka siigulitsa kanthu. Pambali pake pakhale mchere, mpunga ngati mumagulitsa, ndi mabotolo a mafuta ophikira. Sobo atsike kuchoka pamwamba n'kukhala kumapeto kwa thabwa lino, mabotolo awiri kutsogolo. Botolo la malita awiri likagwa kuchokera pamwamba pa mutu limatha kuphulika kapena kukuvulazani, ndipo palibe chifukwa chonyamulira zolemera m'mwamba.

Mafuta oyeza ndi amene akutuluka kwambiri, koma sangakhale pashelefu. Ikani chigubu pakampando kolimba pambali pa dzanja limene mumayezera, kuti pakamwa pake pafike m'chiuno mwanu, ndipo choyezera ndi fanulo zikhale m'kambale kovindikira pomwepo. Mukamamangiratu mafuta m'timachubu, mangani okwanira tsiku limodzi kapena awiri ndi kuwasunga pamthunzi. Ambiri amawapachika pazenera kuti aoneke, koma dzuwa ndi kutentha zimafulumizitsa mafuta kusintha fungo ndi kakomedwe, ndipo kasitomala amene wagula mafuta onunkha sabweranso. Timachubu tiwiri kapena titatu topachika pamsomali wa pashelefu, poonekera kuzenera, tikwanira kuuza anthu kuti mafuta alipo.

Nkhani ya sopo ndiyofunika kuisamala koposa. Masamba a tiyi, mkaka wa ufa, shuga, ufa ndi mabisiketi zimatenga fungo la zinthu zoyandikana nazo, makamaka zikakhala m'mapepala kapena m'mapulasitiki opyapyala, ndipo m'hokala yotentha fungo la sopo wosambira limalowerera msanga. Mmene mwagundanitsira sopo ndi tiyi, n'kutheka kuti ena anamva kale kafungo m'kapu koma sanakuuzeni. Sopo yense apite pathabwa lapansi la pa masentimita 45, pamodzi ndi mafuta odzola, polishi ndi mankhwala otsukira mano. Sopo akhale m'munsi mwa chakudya nthawi zonse, chifukwa paketi ya sopo wa ufa ikabooka ufawo umagwera pansi. Musade nkhawa kuti abisika, popeza mabotolo a maswiti akachoka thabwali lizioneka kwa munthu wamkulu amene waima pazenera, ndipo mitanda ya sopo wochapira ndi yaikulu komanso yowala mitundu moti imaoneka msanga mukaisanja mopingasanitsa. N'zoona kuti muziweramabe potenga sopo, koma mitanda isanu kapena isanu ndi umodzi yodula kale mukhoza kuiika pakathabwa kakang'ono kakhoma lam'mbali, kutali ndi buledi. Palafini, makoyilo a udzudzu ndi mankhwala a makoswe, ngati mumagulitsa, zisakhale pashelefu imeneyi n'komwe, zikhale m'chidebe chotseka pakona ina. Nkhokwe ya shuga ndi soya pisi ikhale pansi pa kauntala, pathabwa kapena pakhileti osati pasimenti, chifukwa nthawi ya dzinja chinyezi chimaumbitsa shuga ndi mchere.

Thabwa lapamwamba ndilo lotentha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene malata amaotcha. Majarini amasungunuka pamenepo, makandulo amapindika, ndipo mabatire sakhalitsa. Pamenepa pakhale zinthu zopepuka, zazikulu ndi zosaopa kutentha kwenikweni, monga tishu, matewera a ana, mapadi ndi zokwechera mapoto. Mapadi muwaike poonekera bwino ndi mtengo wake, chifukwa atsikana ndi amayi ambiri amamasuka kuloza ndi chala kusiyana ndi kutchula pamaso pa anthu amene ali pamzere. Makandulo, machesi ndi mabatire zikhale m'kabokosi pafupi ndi dzanja lanu, ndipo magetsi akazima madzulo muzitulutsire pakauntala.

Pakauntala ndi pazenera ndi pokhapo pamene dzanja la wogula limafika, ndipo mkono wa munthu wamkulu ukalowa pazenera umafika masentimita 60 kapena 70. Chilichonse chimene chili m'dera limenelo chikhoza kutengedwa inu mutatembenuka, choncho ndalama, makadi a mayunitsi ndi mankhwala a mutu zikhale kunja kwa deralo. Pakati pa kauntala pakhale popanda kanthu kuti pazidutsa katundu ndi chenje. Mabotolo a maswiti apite kumapeto amodzi, atatsatana kulowera mkati m'malo motambalala, ndipo lakutsogolo likhale la maswiti amene ana amakonda kwambiri. Kumapeto enawo kukhale buledi ndi mabanzi m'kabokosi kagalasi kapena ka sefa, pamalo amene dzuwa silifika, chifukwa buledi wa m'pulasitiki akatenthedwa amachita thukuta n'kuyamba nkhungu msanga. Thireyi ya mazira 30 ikhale kumbuyo kwa buledi, pooneka koma posagundidwa ndi zigongono. Makamba achoke pamwamba pa zenera n'kulendewera m'mbali mwake chamkati, mzere umodzi pa mtundu uliwonse, kutsika mpaka pamsinkhu wa kauntala pamene ana amaona. Ochuluka atsale m'thumba lawo, chifukwa mapaketi okhalitsa padzuwa amafwifwa ndipo anthu amawayesa akale.

Mukatero mudzaona kuti mkati mwayamba kuwala, popeza mizere ija imatchinganso kuwala kolowa. Munthu amene ali padzuwa akasuzumira m'chipinda chamdima, maso ake amatenga kanthawi asanayambe kuona bwino, ndipo ambiri safuna kudikira. Pakani laimu kapena penti yoyera kukhoma la kumbuyo kwa shelefu, kapena mumatepo mapepala oyera. Babu, kaya ndi la magetsi kapena la sola, likhale mkati pamwamba pa zenera kuti liwalitse nkhope za mapaketi. Likakhala pamwamba pa shelefu, thabwa lililonse limachititsa mthunzi pa linzake la m'munsi.

Ntchito yosanjayo muichite madzulo mutatseka. Tsitsani zonse, pukutani matabwa, ndipo muyang'ane tsiku lothera ntchito pa paketi iliyonse. Pobwezeretsa, katundu wakale akhale kutsogolo ndipo watsopano kumbuyo, ndipo muzichita chimodzimodzi nthawi iliyonse mukabwera kokaoda, chifukwa kudzaza kutsogolo kokha kumasiya mapaketi akumbuyo mpaka ataonongeka. Mitengo muilembe ndi zilembo zazikulu patimapepala tomata m'mphepete mwa thabwa, pansi pa chinthu chilichonse, kuti mtengo ukasintha musinthe kapepala kamodzi kokha. Masana, mzere wakutsogolo ukachepa, kokerani akumbuyo kutsogolo, chifukwa mpata pashelefu umauza wodutsa kuti katundu watha. Mukamaliza, jambulaninso zithunzi zitatu zija pamalo omwewo ndi kuziyerekeza ndi zoyamba. Pa chithunzi cha m'njira muyenera kuzindikira shuga ndi buledi popanda kuchikulitsa ndi zala, ndipo chimene simukuchizindikira chisunthidwe kapena chionjezeredwe paketi imodzi kutsogolo.

Pitirizani kope lija kwa milungu ina iwiri, ndipo muyerekeze mlungu wa pakati pa mwezi ndi unzake wa pakati pa mwezi, wa kumapeto ndi wa kumapeto. Musafulumire kunena kuti kasanjidwe ndiko kakweza kapena kutsitsa malonda, chifukwa sukulu zikatsekera makamba amasintha kayendedwe, ndipo mtengo wa shuga ukakwera anthu amagula mochepa ngakhale aoneke bwanji. Umboni wodalirika ndi mndandanda wa pansi pa tsamba uja. Ngati mafunso oti "muli nacho?" pa zinthu zimene zilipo achepa, ndipo m'mawa mukutha kupereka shuga, buledi ndi mafuta musanasunthe mapazi, kasanjidweko kagwira ntchito. Masiku oyambirira makasitomala ozolowera ndi mwana amene amakuthandizani kugulitsa adzasokonezeka pang'ono, choncho musasinthenso malo a zinthu zikuluzikulu mwezi usanathe. Pambuyo pake muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo chilichonse chimene chatha mwezi wathunthu pathabwa la pa masentimita 125 osatuluka ngakhale kamodzi pa tsiku chipereke malowo kwa chotsatira pa mndandanda wa m'kope.